Alamu Anga ndi Mayeso Otsegula Buku

Alamu anga, amuna a mkulu wanga, kufakitale timawatcha a Tandipatsa. Pamaso pawo ayi, pamaso pawo ndi a kapitawo, koma akangotembenuka ndi a Tandipatsa basi. Dzinali sitinachite kuwasemera, anadzipatsa okha. Zaka makumi awiri ndi ziwiri akugwira ntchito ya magetsi, munthuyu sindinamuonepo atatsegula bokosi la zipangizo ndi manja ake. Amakwera pamakwerero, n'kutambasulira dzanja kumbuyo osacheuka n'komwe. "Tandipatsa pulayala." "Tandipatsa tesita." Ukachedwa pang'ono zala zimayamba kukodola, ndipo ukawafunsa kuti pulayalayo anaisiya pati, amakuyang'ana ngati wawatukwana.

Ine ndimawadziwa mbali ziwiri. Kuntchito ndagwira pansi pawo zaka zisanu ndi zinayi, mkazi ndekha m'chigawo cha magetsi pafakitale yopanga ndowa ndi mabeseni apulasitiki. Kunyumba ndi alamu, ndiye palibe chimene angandibisire. Anabadwa mwamuna yekha pakati pa alongo asanu, ndipo matenda anayambira pamenepo. Alongo awo amachita kunyadira pofotokoza kuti mwanayo ankanyamuka kupita kusukulu nsapato zitapolishidwa, makope ali kale m'chikwama, pensulo yosongoledwa. Atakwatira anangosintha manja owapatsa. Mkulu wanga analowa m'malo mwa akazi asanu, yekhayekha.

Mukapita kwawo m'mawa mumamva nokha. "Mayi a ana, lamba wanga ali kuti?" Lamba ali pamsomali pomwe wakhala kuyambira tsiku limene analowa m'nyumbamo. "Makiyi a njinga?" Ali m'thumba la buluku lomwe avalalo. Tsiku lina mkulu wanga atagonekedwa kuchipatala masiku atatu, bambo ameneyu anamuimbira foni ali pabedi, madzi akulowa m'mitsempha, kufunsa komwe kumakhala machesi. Asa!

Koma ndisaname, ntchito amaidziwa. Mota ikayamba kudwala, iwo amaimva ndi khutu ali kutali, ena tonse tikuti ili bwino. Akanunkhiza mubokosi la maswitchi amakuuzani waya amene akupsa. Waya akangomugwira pakati pa zala amatchula kukula kwake osalakwa. Chimenecho ndiye chinawakweza pa ukapitawo, ndipo chimenecho ndiye chinawaononga, chifukwa anafika poganiza kuti chimene sichili m'mutu mwawo sichifunika kudziwidwa.

Ukapitawowo umabwera ndi nyumba. Makina akaima fakitale imaluza, choncho mkulu wa magetsi amakhala kuseri kwa mpanda, m'nyumba ya kampani ya zipinda zitatu. Chipinda chakumsewu chili ndi windo lalikulu, ndipo mkulu wanga, amene ndi telala, anaikamo makina ake osokera. Zaka khumi ndi zitatu wasokera pawindo limenelo. Makolo a ana a sukulu ziwiri zapafupi ankalowa pakageti kakang'ono kudzayesa mayunifolomu, akazi a kufakitale ankamusiyira nsalu m'mawa n'kudzatenga poweruka. Alamu ankati nyumbayo ndi yawo, koma amene inkamudyetsa kwenikweni anali mkulu wanga.

Chakudza sichiimba ng'oma. Lolemba lina manijala anatiitana tonse anayi a m'chigawo mu ofesi yake. Anati a inshuwalansi akana kupitiriza kuteteza fakitale ngati woyang'anira magetsi alibe laisensi, ndipo laisensiyo imapezeka polemba mayeso amene amachitika kamodzi pachaka. Mayeso anali atatsala milungu isanu ndi iwiri.

"A kapitawo, mukakhoza, mpando ndi wanu monga kale," anatero manijala. "Mukalephera, ndilibe kuchitira mwina. Mpando ndi nyumba zipita kwa amene ali ndi pepala, kaya ndi wa muno, kaya wochokera kunja. Enanu amene akufuna kulemba alembetse, kampani ikugulirani buku."

Alamu anafunsa kuti bukulo ndi la chiyani. Manijala anafotokoza kuti ndi buku la malamulo a kaikidwe ka magetsi, ndipo timaloledwa kulowa nalo m'chipinda cha mayeso n'kumalitsegula mmene tingafunire. Pamenepo alamu anaseka mpaka kugwira tebulo la manijala.

"Ndiye mayeso ake ati? Mayankho ali m'buku, buku lili m'manja. Kumeneko ndiye kukopera kololedwa ndi boma!"

Anzathu awiri aja anakana kulembetsa, ati anasiyana ndi zolembalemba kalekale. Ine ndinalembetsa. Sindinkafuna mpando wa munthu, Mulungu ndi mboni. Ndinkafuna pepala langa, kuti tsiku lina ndidzathe kufunsira ntchito kwina komwe kulibe dzanja lokodola kumbuyo. Alamu atamva anandisisita paphewa ngati mwana. "Yesani, alamu, yesani. Mukakhale pafupi ndi ine, mwina mungaonereko."

Mabuku anabwera Lachisanu, awiri, lililonse lamasamba opitirira mazana asanu, zilembo zing'onozing'ono ngati nyerere. Munalinso kapepala ka malamulo a mayeso. Mafunso makumi asanu ndi limodzi, maola awiri. Ndinawerengera ndili chiimire: mphindi ziwiri pafunso lililonse. M'mphindi ziwirizo uwerenge funso, udziwe kumene yankho limakhala, upeze tsamba, upeze mzere, nthawi zina uwerengetsere, ndiye usankhe yankho. Kapepalako kanatinso tikuloledwa kumata timapepala m'mphepete mwa masamba n'kulembapo mawu awiri kapena atatu, kudula mizere pansi pa mawu, ndi kumangirira kuchikuto masamba awiri a mlozera wolemba tokha. Mayankho owerengetsera kale ndi mapepala omasuka, ayi.

Ndinawaonetsa alamu nkhani ya mphindi ziwirizo. Anati, "Inu mphindi ziwiri zikuchepa chifukwa muyamba kuphunzira magetsi tsiku lomwelo. Ine ndikangotsimikiza." Buku lawo analiika pamwamba pa kabati mu wekishopu, likadali m'pulasitiki yake. Linakhala pamenepo milungu itatu, ena akuikapo makapu a tiyi.

Langa ndinaliyamba tsiku lomwelo. Poyamba ndinapusa, ndinamata kapepala paliponse pamene ndinaona ngati pofunika, mpaka buku linachita nthenga ngati nkhuku yonyowa. Nditayesa kupeza tebulo la kukula kwa mawaya, ndinatha mphindi zinayi ndikuwerenga timapepala tanga tomwe. Ndinamatula tonse n'kuyambiranso. Ulendo uno ndinaika makumi atatu okha. Mitu ikuluikulu ya buku ndinaiika m'mbali, motsetsereka ngati masitepe kuti kena kasaphimbe kanzake. Matebulo a manambala ndinawaika pamwamba, ofiira. Malo apadera, monga bafa, dziwe losambira ndi malo omanga, obiriwira. Zoyesa ntchito ikatha, abuluu. Kapepala kalikonse ndinalemba mbali zonse ziwiri, kuti ndikawerenge kaya ndikuchokera kutsogolo kaya kumbuyo. Mlozera ndinaulemba motsatira alifabeti, ndi mawu amene funso lingagwiritse ntchito, pambali pake nambala ya tsamba. Kenako ndinapeza mafunso a zaka zam'mbuyo, n'kumadziyesa ndi wotchi ya pafoni poweruka. Kapepala kamene sindinakagwire mlungu wonse ndinkakachotsa. Funso likandisocheretsa ndinkawonjezera mzere mu mlozera.

Mlungu wachinayi manijala anadutsa mu wekishopu, n'kuona buku lija lili ndi zizindikiro za makapu papulasitiki. Sananene zambiri, anangoti, "A kapitawo, nyumba ija mukuikondabe?" Madzulo ake alamu ananyamula buku kupita nalo kunyumba. Ndinati mwina munthu wadzidzimuka. Ha! Loweruka masana ndinangoona mkulu wanga balamanthu pakhomo pa kachipinda kanga ka lendi, buku lili m'jumbo.

"Akuti ndiwamatire timapepala ngati tako," anatero. "Akuti iwo alibe nthawi ya zomatamata, ndi ntchito ya anthu a lumo."

Magazi anandiwira. Ndinamuuza kuti abweze bukulo, akawauze kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinamufotokozera kuti timapepalato si mankhwala. Phindu lake lili pa kumata komweko, chifukwa pofuna kusankha tsamba loyenera kapepala umayenera kuliwerenga, ndipo dzanja limazolowera njira. Munthu wina akakumatira, zili ngati wakusesera nyumba n'kukusungira zinthu mwadongosolo iwe kulibe, ukabwera supeza ngakhale supuni.

Mkulu wanga anamvetsera zonse, kenako anati, "Mng'ono wanga, wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Ndikabweza, buku limeneli lilowa m'mayeso lili m'pulasitiki. Ndiye ine makina anga ndikawaika pati?"

Ndinatulutsa timapepala tanga totsala, n'kumukokera mpando.

Munthu amene sadziwa kusiyana kwa fyuzi ndi bureka, ndinaganiza kuti angokopera malo amene ine ndamata. Koma mkulu wanga sasoka chinthu asanayeze. Tsamba lililonse ankafunsa, "Apa akunena chiyani? Funso lake lingabwere bwanji?" Ndinamuuza kuti waya yemweyo amanyamula mphamvu yosiyana malinga ndi kumene wadutsa: m'paipi ya m'khoma amatentha msanga, pamtunda pomwe pali mphepo amapirira, akapanikizana ndi anzake ambiri amafooka, kukatentha amafookanso. Chilichonse chili ndi tebulo lake, ndipo funso limodzi likhoza kukuyendetsa matebulo atatu. Iye anangoti, "Ngati nsalu. Ina imafuna singano yake." Matebulo oyendera limodziwo anawamatira timapepala toyandikana, ndipo mu mlozera anawalemba pamzere umodzi. Nzeru imeneyo ine ndinalibe, ndinakopera kwa iye.

Milungu itatu ankabwera Loweruka ndi Lamlungu masana, mayunifolomu a anthu akudikira. Timapepala take anatidula ndi lumo la nsalu, tofanana ndendende. Mlozera anaulemba katatu mpaka unakwana masamba awiri popanda kufufuta. Pofuna kuona ngati zikugwira ntchito, ndinkamuwerengera mafunso akale iye n'kumasaka tsamba. Yankho sankalidziwa, koma tsamba ankalipeza. Poyamba mphindi yathunthu, kenako theka, pomaliza ndisanamalize n'komwe kuwerenga funso chala chake chinali chili kale pakapepala.

Chimene chinatsala n'chakuti mwini buku akhale pansi aonetsedwe. Mkulu wanga anawapempha katatu. Koyamba anati atopa. Kachiwiri kunali mpira pa TV. Kachitatu ndinalipo ine, Lamlungu lomaliza, ndinapita dala. Tinawapeza pakhonde atakhala pampando wawo wa ndalema, miyendo ili pasitulo. Mkulu wanga anawaikira buku pamiyendo.

"Bambo a ana, mphindi makumi atatu zokha. Ndikuonetseni kuti ofiirawa ndi a chiyani."

Analitembenuza uku ndi uku, n'kuseka. "Mwalikongoletsa ngati keke ya ukwati. Zikomo, mayi a ana, mwagwira ntchito."

Ndinati, "Alamu, tiyese funso limodzi lokha. Ndikuwerengereni, mupeze tsamba."

"Alamu, mukufuna kundiyesa ine? Inu amene ndinakuphunzitsani kusenda waya? Masoketi ndi waya wa 2.5, magetsi owunikira 1.5, kuka yophikira 6. Ndinkadziwa zimenezi inu mukuvala matewera. Kuwerenga ndimatha, ndikaona kapepala ndiwerenga. Tandipatsani madzi akumwa."

Mkulu wanga anapita kukatenga madzi. Ine ndinanyamuka osatsanzika, chifukwa chimene chinali pakamwa panga sichikanakoma.

Mayeso anachitikira m'holo ya sukulu ya ntchito zamanja, Lachiwiri nthawi ya naini m'mawa. Tinalipo anthu ngati makumi anayi. Pakhomo oyang'anira awiri ankatenga buku lililonse, kuligwedeza chozondotsa kuti mapepala omasuka agwe, n'kuyang'ana mlozera. Mayi wina woyang'anira atatsegula buku la alamu anaima kaye. "Koma ili ndiye lakonzedwa," anatero. Alamu anatukula chifuwa. "Timadziwa ntchito, mayi." Manyazi anagwira ine amene ndinali kumbuyo kwawo.

Anatikhazika motsatira manambala. Iwo anali mzere wa kumanja kwanga, madesiki awiri kutsogolo, moti ndikadzutsa mutu ndinkawaona msana ndi dzanja lamanja. Wotchi yaikulu inali pamwamba pa bolodi.

Ine ndinachita monga ndinazolowera. Ulendo woyamba ndinayankha okhawo amene ndinkawadziwa pamtima, osagwira buku, mafunso khumi ndi asanu ndi awiri. Ulendo wachiwiri ndinatenga amene ndinkadziwa kumene akukhala. Mtunda wa soketi kuchokera pabafa, kobiriwira, tsegu, mzere uwu. Nthawi imene bureka iyenera kudula magetsi waya akagunda chitsulo, mlozera, tsamba, tebulo. Owerengetsera aatali ndinawaika chizindikiro kuti ndiwabwerere pomaliza. Manja njira ankaidziwa.

Mphindi makumi awiri zoyamba alamu anali pamtendere, buku lili chitsekere, akuchonga uku akugwedeza mwendo. Kenako mwendo unaima. Ndinamva buku likutsegulidwa, ndipo nditadzutsa maso ndinaona akuyambira tsamba loyamba, kunyowetsa chala ndi malovu, kumatembenuza limodzilimodzi ngati akufuna nyimbo m'tchalitchi. Mlozera uli pachikuto pomwepo, anaudumpha ngati kalata ya eni. Atatopa anayamba kuwerenga timapepala, koma sankadziwa kuti matebulo ali pamwamba, ndiye ankasakasaka m'mbali. Atapeza tebulo lina la mawaya anakhalapo nthawi yaitali, akukanda m'mutu. Matebulo a mawaya alipo angapo ofanana nkhope, kusiyana kwake kuli pamutu, mtundu wa waya ndi njira imene wadutsa. Amene sanawaonepo amangoona manambala.

Funso limodzi limenelo linawadyera mphindi zoposa khumi. Ndikudziwa chifukwa ine ndinayankha asanu ndi awiri iwo ali patsamba lomwelo. M'malo molisiya n'kupita kutsogolo, analimbana nalo, poti iwo funso la waya silingawagonjetse. Ola litakwana, malaya anali atamatirira kumsana. Anayamba kupukusa masamba ndi chala chachikulu, phaphapha, mwina tsamba lingadzionetse lokha, ndipo timapepala tija tinkawakola chala. Ndiye abale, ndinaona ndi maso angawa: anayamba kutimatula. Kamodzi, kawiri, kofiira, kobiriwira, n'kumatimata m'mphepete mwa desiki. Ntchito ya milungu itatu ya mkulu wanga! Ndinaluma pensulo mpaka inaphwanyika.

Kenako anachita chimene thupi lawo limadziwa. Dzanja lamanja linatambasukira kumbuyo, zala zikukodola. Sindikudziwa ngati ankadziwa kuti akutero. Bambo amene anali kumbuyo kwawo anakokera pepala lake pachifuwa, ndipo woyang'anira anabwera.

"Bambo, mukufuna chiyani?"

"Tebulo la mawaya odutsa m'paipi lili tsamba liti?" Anafunsa mokweza, holo yonse inamva.

"Limenelo ndiye funso la mayeso, bambo. Mukayankhulanso mutuluka."

Wina anaseka chapansipansi kumbuyo. Ine sindinaseke. Nambala ya tsambalo inali pamlomo panga, ndipo ndinaimeza. Ndikanangoitchula tonse awiri tikanatulutsidwa, komanso kunena zoona, mtima wofuna kuwathandiza unali utatha. Ndinabwerera ku mafunso anga owerengetsera. Woyang'anira atalengeza kuti kwatsala mphindi zisanu, ndinaona alamu akuchonga mayankho motsetsereka osawerenga mafunso, kuyambira pakati pa pepala mpaka pansi.

Panja sanandidikire. Ndinawatsatira kunyumba kwawo chifukwa ndinkadziwa amene akalandire mkwiyowo. Ndinapeza buku lili pansi m'chipinda chosokera, mkulu wanga ataima pafupi ndi makina, tepi ili m'khosi.

"Mwandipha ndinu!" alamu ankakuwa. "Buku labwinobwino mwalisandutsa mbendera. Chilichonse chimene ndimafuna munachibisa. Ndikanalowa nalo loyera ndikanakhoza. Ndinalakwa kupatsa telala ntchito ya amuna!"

Mkulu wanga anatola buku, kulipukuta ndi m'mphepete mwa diresi, n'kuona mipata ya timapepala tomatulidwa. Anaiwerenga ndi chala, isanu ndi inayi. Kenako anandiyang'ana.

"Mng'ono wanga, mafunso ukuwakumbukira? Tandifunsa amene anawavuta."

Ndinati, "Waya wodutsa m'paipi ya m'khoma, ali ndi anzake ena atatu, malo otentha madigiri makumi anayi."

Kapepala ka tebulo limenelo kanali m'gulu la tomatulidwa. Mkulu wanga sanayang'ane n'komwe mlozera. Analowetsa chala chapamwamba, chakumapeto kwa buku, tsegu, kutembenuza masamba awiri. "Ili. La kupanikizana lili apa, la kutentha lili kuseri kwake." Anaika buku patebulo lodulira nsalu, pamaso pa amuna ake.

"Soketi pafupi ndi bafa."

Tsegu. "Apa."

"Zoyesa ntchito ikatha, choyamba n'chiti?"

Tsegu. "Mndandanda wake ndi uwu."

Ndinamufunsa asanu ndi atatu. Palibe limene linamutengera nthawi yoti munthu n'kumwa kapu ya madzi. Alamu maso anali pabuku. Ndinayembekezera kuti mwina lero pakamwa pamenepo patuluka mawu a munthu. Koma anangoti, "Kupeza tsamba si kudziwa magetsi."

"Zoona, bambo a ana," anatero mkulu wanga. "Magetsi mumadziwa ndinu. Ine ndimangodziwa pamene pali zinthu." Anakhala pamakina n'kuyamba kupalasa, misozi ikugwera pa yunifolomu ya mwana wa eni.

Zotsatira zinabwera patatha mwezi. Ine ndinakhoza mafunso 49, iwo 24, pamene pamafunika 36. Manijala anandiitana ndekha. Ndinamupempha kuti mpando nditenge koma nyumba awasiyire, ine ndizichokera kulendi konko. Anakana. Anati nyumbayo si mphatso, ndi ya munthu amene makina akaima afike m'mphindi zisanu, ndipo ine ndikaikana aitana wakunja atenge zonse ziwiri. Ndinapita kukamuuza mkulu wanga ndisanasaine. Ndinati chipinda chosokera achisunge, azibwera masana. Anapukusa mutu. Alamu anali atanena kale kuti mkazi wawo sadzapondanso pakhomo pomwe iwo achotsedwa, ndipo anali atapeza zipinda ziwiri kutsidya kwa tauni, mabasi awiri kuchokera kusukulu zija. "Saina," anatero. "Bola iwe kusiyana ndi mlendo."

Pepala limene ndinalifuna zaka zonsezi ndinalilandira ngati uthenga wa maliro. Kuwekishopu alamu anauza aliyense kuti mayeso a masiku ano ndi a makalaliki, amafuna anthu odziwa kutembenuza mapepala. Anzathu awiri aja ankangovomera kuti eee, kenako n'kukasekera kuseri kwa jenereta.

Anasamuka Loweruka m'mawa. Katundu yense anamanga ndi mkulu wanga, mothandizidwa ndi ine ndi ana awo awiri. Alamu anaima pageti manja m'thumba, akulangiza dalaivala wa lole mmene angabwerere chambuyo. Makina osokera tinawanyamula awiri, ine ndi mkulu wanga, ndipo pamene anakhala zaka khumi ndi zitatu panatsala timaenje tinayi pasimenti. Mayi wina anafika pakageti ndi nsalu m'manja, atawona lole anafunsa kuti atelala akupita kuti. Atauzidwa dera lake anati, "Iii, kutali," n'kubwerera ndi nsalu yake.

Mkulu wanga anandipatsa makiyi, n'kundiuza kuti mpopi wa kukhitchini umafuna kutseka mwamphamvu. Anakwera kumbuyo kwa lole, n'kukhala pamatiresi atagwirira makina kuti asagwe. Apo ndi pomwe alamu anandiyandikira, akumwetulira ngati palibe chachitika.

"Alamu, nyumbayi muisamale, ndi yongobwereka. Chaka chamawa ndilembanso. Ndiye ndimati, buku lanu lija mwathana nalo, eti? Lanulo ndiye linamatidwa bwino, umboni wake ndi uwu. Tandipatsani ndilisunge, tsiku la mayeso ndidzangolitenga."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze zonse zimene ndinasunga zaka zisanu ndi zinayi, pamaso pa dalaivala, pamaso pa ana awo. Koma mkulu wanga anayankhula ali pamwamba pa lole, mawu ake ali phee.

"Apatse, mng'ono wanga. Chaka chamawa asadzanene ine."

Ndinalowa m'nyumba, ndinalitulutsa m'katoni yanga, n'kuwapatsa. Sanalitsegule. Analiponya pampando wakutsogolo, n'kukhalira pomwepo pafupi ndi dalaivala. Lole inanyamuka, mkulu wanga akuyang'ana windo lake mpaka anakhota.